Kasitomala Mmodzi, Mitengo Iwiri: Mukhulupirire Uti?

M'mwezi wa Malichi 2012, kampani ya eBay ya ku America, imene imagulitsa katundu pa intaneti, inachita chinthu chimene otsatsa malonda ambiri salimba nacho mtima. Inasiya kulipira Yahoo! ndi MSN ndalama zimene inkapereka kuti munthu akalemba dzina lakuti eBay pofufuza, uthenga wa malonda wa kampaniyo uzibwera pamwamba pa tsamba. Ku Google inapitiriza kulipira monga kale, kuti pakhale poyerekezera.

Pa malipoti, mauthenga otere amaoneka obala zipatso kwambiri. Munthu amadina pa uthengawo, amalowa, amagula, ndipo makina amalemba kuti kasitomalayu wabwera chifukwa cha ndalama ija. Ndiye kuti atazimitsa mauthengawo, anthu anayenera kuchepa. Koma akatswiri atatu a zachuma, Thomas Blake, Chris Nosko ndi Steven Tadelis, atawerenga bwinobwino anapeza kuti pa anthu 1,000 alionse amene ankalowera pa uthenga wolipira, pafupifupi 995 anafikabe. Anangodina pa dzina la eBay laulere limene linali mmunsi pang'ono pa tsamba lomwelo. Munthu amene walemba yekha dzina la sitolo ndiye kuti wanyamuka kale ulendo wopita kusitoloko. Kampani inkalipira kuti imulozere khomo limene iye anali ataliona kale.

Nkhani imeneyi ili pakati penipeni pa mkangano umene umabuka m'makampani aakulu ndi aang'ono omwe mwezi ukatha. Woyang'anira zotsatsa malonda amabwera ndi pepala losonyeza kuti kasitomala watsopano akupezeka motchipa. Wowerengera ndalama amabwera ndi lake losonyeza mtengo wina. Onse awiri awerenga bwino, palibe waba, koma manambala sakugwirizana.

Mitengo iwiri ya chinthu chimodzi

Chimene onsewa akufuna kudziwa ndi mtengo wopezera kasitomala watsopano, umene pa malipoti a makampani umalembedwa mwachidule kuti CAC. Kawerengedwe kake n'kosavuta: mutenga ndalama zimene mwagwiritsa ntchito pofunafuna makasitomala, n'kuzigawa ndi chiwerengero cha makasitomala atsopano amene mwapeza. Vuto limayamba pa funso lakuti ndalama zitizo, ndipo makasitomala atiwo.

Njira yoyamba ndi yophatikiza zonse. Muwonkhetsa ndalama zonse zotsatsira malonda m'mweziwo, kuphatikizapo malipiro a ogwira ntchitoyo, n'kuzigawa ndi makasitomala onse atsopano, kaya anabwera chifukwa cha wailesi, kaya anauzidwa ndi mlamu wawo, kaya anangopatuka podutsa. Umenewu ndi mtengo wophatikiza. Njira yachiwiri ndi yowerengera njira iliyonse payokha: ndalama za Facebook zigawidwe ndi makasitomala amene Facebook yabweretsa, za wailesi ndi amene wailesi yabweretsa, choncho basi.

Tiyerekeze ndi bizinesi yongopeka, manambala akenso ongopeka kuti masamu aoneke. Mayi wina ali ndi masitolo atatu ogulitsa nyale zoyendera mphamvu ya dzuwa, ndipo amalandiranso maoda pa WhatsApp. M'mwezi umodzi walipira K600,000 ku Facebook, K300,000 ku Google ndi K500,000 ku wailesi. Mnyamata amene amayendetsa zotsatsazi pamodzi ndi wojambula zithunzi alandira K400,000. Zonse pamodzi ndi K1,800,000. M'buku la malonda mwalowa mayina atsopano 300. Mtengo wophatikiza ndi K6,000 pa kasitomala aliyense.

Tsopano mnyamata uja akutsegula malipoti. Facebook ikuti yabweretsa ogula 150, ndiye kuti K4,000 pa mmodzi. Google ikuti 120, ndiye kuti K2,500. Pa wailesi analengeza mawu apadera oti wogula akawatchula achotseredweko pang'ono, ndipo amene anawatchula ndi 25 okha, ndiye kuti K20,000 pa mmodzi. Kungoyang'ana choncho, nzeru ikuoneka yapafupi: wailesi ichotsedwe, ndalama zake zipite ku Google.

Koma mayi uja ali ndi chizolowezi chofunsa wogula watsopano aliyense kuti wamva kuti za sitoloyo, ndipo anthu 110 anayankha kuti anauzidwa ndi mnzawo kapena anangoona chikwangwani podutsa. Tikawonkhetsa 150, 120, 25 ndi 110 tikupeza 405. M'buku muli 300. Makasitomala 105 alipo pa malipoti koma kusitolo sanapondeko.

Kumene achokera anthu 105 aja

Gawo lalikulu la yankho ndi lakuti aliyense amadziwerengera yekha. Facebook siona zimene Google yachita, Google siona za Facebook, ndipo iliyonse ili ndi lamulo lake lonenera kuti wogula uyu ndi wathu. Ku Facebook, mwini bizinesi akapanda kusintha kalikonse, munthu amawerengedwa ngati wagula pasanathe masiku 7 chidinireni pa uthenga, kapena pasanathe tsiku limodzi chiuonereni ngakhale sanadine. Ku Google nthawi yoyambira ndi masiku 30 kuchokera pamene munthu anadina.

Taonani ulendo wa wogula mmodzi. Lolemba wamva za nyalezo pa wailesi ali m'minibasi. Lachitatu waona chithunzi chake pa Facebook, wadina, waona mtengo, watseka. Loweruka walandira ndalama, walemba dzina la sitolo pa Google, wadina uthenga wapamwamba, watumiza oda. Facebook yamulemba kuti ndi wake. Google yamulembanso. Wailesi, imene inayambitsa nkhani yonse, sinalembe kalikonse chifukwa mawu apadera aja anaiwalika kalekale. Ndipo mayi uja akamufunsa, mwina ayankha kuti anamva kwa mchemwali wake, chifukwa n'zoonadi kuti Lachisanu anakambirana za nyalezo. Munthu mmodzi walowa m'mizere itatu.

Zili ngati oitanira pa siteji ya minibasi. Munthu wachoka kunyumba akudziwa kale kuti akupita ku Limbe, koma akangofika, anyamata awiri amamugwira chikwama, ndipo akakwera aliyense amauza kondakitala kuti pasinjala ameneyo wamubweretsa ndi iye. Amene wamugwira komaliza ndiye amaoneka kuti wagwira ntchito. Makina ambiri owerengera malonda a pa intaneti anayamba ndi lamulo lomwelo lopereka ulemu wonse kwa uthenga umene munthu wadina komaliza, ndipo lamuloli limakondera njira zimene zimaima pafupi ndi khomo.

Palinso china chimene eni mabizinesi ambiri sachizindikira msanga. Lipoti la Facebook kapena Google limawerenga kugula, siliwerenga makasitomala atsopano, pokhapokha wina atalikonza mwadala kuti lizisiyanitsa. Bambo amene anagula nyale chaka chatha, lero wabwera kudzagula batire, akadina pa uthenga amalowa pa mndandanda. Choncho K4,000 ya Facebook ija siikunena za mtengo wa kasitomala watsopano ayi. Ikunena za mtengo wa oda imodzi, ya aliyense.

Mbali ya ndalama nayo ili ndi mpata. Mu mtengo wa njira iliyonse munalowa K600,000, K300,000 ndi K500,000 zokha. K400,000 ya malipiro sinalowe paliponse, chifukwa palibe lipoti la pa intaneti limene limadziwa kuti kuli mnyamata amene amalandira pakutha pa mwezi. Zimasowanso ndalama zochotsera ogula, makomishoni a otumidwa, zolipira kubanki posintha kwacha kukhala madola, ndi mafuta a galimoto yopita kukaonetsa katundu m'misika. Zonsezi zimatuluka m'thumba la bizinesi, ndipo mtengo wophatikiza wowerengedwa moona mtima umazigwira.

Nthawi nayo imasokoneza. Uthenga wa pa wailesi wa mwezi wa Malichi ukhoza kubala wogula mu Meyi, mlimi akagulitsa mbewu zake. Ndalama inalembedwa mwezi wina, kasitomala mwezi wina. Ndipo kuyambira mu Epulo 2021, pamene kampani ya Apple inayamba kufunsa eni mafoni ake ngati akulola kuti mapulogalamu aziwatsata, gawo lina la manambala a pa malipoti lakhala longoyerekezera ndi masamu, osati kuwerenga munthu mmodzimmodzi.

Funso limene lipoti silingayankhe

Zonse zimene tatchulazi zikhoza kukonzedwa ndi khama: kuchotsa owerengedwa kawiri, kupatula akale, kugawa malipiro. Koma pali vuto lina limene ngakhale lipoti laukhondo chotani silingathetse. Lipoti limanena kuti munthu anaona uthenga kenako anagula. Silinena ngati akanagulabe popanda uthengawo.

Apa ndi pamene eBay inapita patali. Itaona zotsatira za dzina lake, inayesanso mauthenga a mawu wamba, monga pamene munthu walemba dzina la nsapato kapena la foni osatchula eBay. Inagawa dziko la America m'zigawo, n'kuzimitsa mauthenga a pa Google m'zigawo pafupifupi 30 pa 100 zilizonse kwa masiku 60, kwina konse n'kuwasiya akuyenda. Kenako inayerekezera malonda a mbali ziwirizo.

Kawerengedwe wamba, kongoona kuti kumene ndalama zapita zambiri malondanso ndi ambiri, kankasonyeza phindu loposa 4,100 peresenti. Atachotsa kusiyana kwa madera ndi nyengo, linatsika kufika cha m'ma 1,600 peresenti, limene likadali phindu lodabwitsa. Koma mayeso ozimitsa aja anasonyeza kuti kampani inkaluza: pa madola 100 alionse opita ku mauthengawa, pafupifupi madola 63 sankabwerera. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2015 m'magazini ya akatswiri a zachuma ya Econometrica.

Chifukwa chake n'chofunika kuchimvetsa, pakuti chimagwira bizinesi ina iliyonse. Mauthengawo ankagwiradi ntchito pa anthu amene anali asanagulepo pa eBay ndi amene ankagula mwa apo ndi apo. Koma ambiri odina anali makasitomala okhazikika, ogula kawirikawiri, amene akanabwerabe. Popeza kampani imalipira munthu aliyense akadina, ndalama zambiri zinkathera pa anthu amene sankafunika kukopedwa. Makina otsatsa malonda amapangidwa kuti azifunafuna munthu amene ali pafupi kugula, ndipo palibe amene ali pafupi kugula kuposa amene waganiza kale zogula. Ndiye makinawo akamachita bwino pa lipoti, nthawi zina ndi pamene akusonkhanitsa kwambiri anthu amene anali kale m'njira.

Ku Uber nkhani yake inali yoipa kuposa pamenepa, chifukwa munalowa chinyengo. Kevin Frisch, amene ankayang'anira gawo lina la zotsatsa pa kampaniyo, anafotokoza mu 2020 kuti mu 2017 anazimitsa pafupifupi madola 100 miliyoni pa madola 150 miliyoni amene ankapita ku zotsatsa pachaka, ndipo chiwerengero cha anthu oika pulogalamu ya Uber m'mafoni awo sichinasinthe kwenikweni. Anthu amene kale ankalembedwa kuti abwera ndi mauthenga olipira anangoyamba kuoneka pa mzere wa obwera okha. Makampani ena otsatsa ankanamizira kuti munthu wadina pamene sanadine, kuti akadzaika pulogalamuyo mwa kufuna kwake, iwo alandire malipiro. Uber inafika nawo kukhoti ena mwa makampaniwo.

Chofunika kuona pa nkhani ziwirizi n'chakuti mtengo wa njira iliyonse unkaoneka wabwino mpaka tsiku lozimitsa. Chimene chinaulula choona ndi chiwerengero cha onse pamodzi, chimene chinakana kutsika.

Koma wophatikiza nawo uli ndi pobisala

Wina angaganize kuti basi, mtengo wophatikiza wapambana. Ubwino wake ndi weniweni: manambala ake awiri onse angathe kutsimikizika, ndalama kubanki, makasitomala m'buku. Palibe wogulitsa zotsatsa amene angaukometse. Komabe umabisa chinthu chachikulu, chifukwa umasakaniza makasitomala ogulidwa ndi ndalama ndi amene abwera ulere.

Tibwerere kwa mayi wa nyale uja. Tinene kuti mwezi wapitawo anagwiritsa ntchito K1,200,000 n'kupeza makasitomala atsopano 260, mtengo wophatikiza pafupifupi K4,600. Mwezi uno wawonjezera kufika K1,800,000 ndipo wapeza 300, mtengo K6,000. Tinenenso kuti kasitomala mmodzi amamusiyira phindu la K10,000, tikawerenga nyale ndi mabatire amene adzagule m'tsogolo. K6,000 ndi yochepa kuposa K10,000, choncho mayiyu akugona tulo tabwino.

Koma tafunsani kuti K600,000 yowonjezera ija yagula chiyani. Yagula makasitomala 40 okha, kusiyana kwa 300 ndi 260. Aliyense wa iwo wadya K15,000, pamene phindu lake ndi K10,000. Pa kasitomala aliyense wowonjezera mayiyu waluza K5,000, pamodzi K200,000, ndipo mtengo wophatikiza sunalire belu. Anthu obwera okha, ouzidwa ndi anzawo, ndi amene akuutsitsa, n'kuphimba ndalama imene ikutayika.

Izi zimachitika kawirikawiri chifukwa makasitomala oyamba ndi otchipa. Uthenga umayamba kufika kwa amene akuchifuna kale chinthucho. Amenewo akatha, ndalama imayamba kugogoda pa makomo a anthu okayikira, kenako a anthu amene alibe nacho ntchito. N'chifukwa chake anthu oika ndalama m'makampani atsopano safuna kumva mtengo wophatikiza wokha. Amafunsa kuti pa makasitomala onsewa ndi angati abwera ndi ndalama, chifukwa akufuna kudziwa chimene chidzachitike ndalama zotsatsira zikadzachulukitsidwa kakhumi. Obwera okha sachuluka chifukwa choti bajeti yakwera.

Mtengo wophatikiza sungathenso kuloza njira imene yadwala. Ukakwera kuchoka pa K4,600 kufika pa K6,000, umangonena kuti penapake pavuta. Kaya ndi wailesi, kaya ndi Google, kaya ndi mwezi wa njala pamene anthu alibe ndalama m'thumba, sunena.

Kuzimitsa ndi kuona

Njira yodalirika yodziwira mphamvu yeniyeni ya njira imodzi ndi yomwe eBay inatsata: kuizimitsa kwina, kuisiya kwina, n'kuyerekezera. Chowerenga si lipoti la njirayo, koma makasitomala atsopano onse m'buku.

Mayi wa nyale ali ndi mwayi chifukwa masitolo ake ali m'madera osiyana, ndipo Facebook ndi Google zimalola kusankha dera limene uthenga uzionekera. Angazimitse Google m'dera la sitolo imodzi kwa milungu inayi, enawo n'kuwasiya. Madera osazimitsidwa ndi ofunika kwambiri, chifukwa ndi amene amasonyeza zimene nyengo yachita. Ngati malonda atsika ponseponse ndi gawo limodzi mwa magawo khumi chifukwa ndi nthawi yolipira fizi, kutsika kumeneko si mlandu wa Google. Kuyerekezera mwezi uno ndi mwezi watha basi, monga tinachitira pa K600,000 ija, kumangopereka chenjezo. Sikumaliza mlandu.

Kuti masamu akhale osavuta, tinene kuti zotsatira zake, zikawerengedwa pa bizinesi yonse, zikusonyeza kuti popanda Google makasitomala atsopano amachepa ndi 15 pamwezi. Google inkati ndi 120. Mtengo weniweni wa njirayi ndi K300,000 kugawa ndi 15, ndiye kuti K20,000, osati K2,500. Pa mayeso ena, wailesi itazimitsidwa, makasitomala achepa ndi 80, ndiye kuti K500,000 kugawa ndi 80, K6,250 pa mmodzi, osati K20,000. Njira imene inayenera kuchotsedwa ija ndiyo ikubweza ndalama, ndipo imene inayenera kuwonjezeredwa ndiyo ikuluza. Chizindikiro china chimaoneka pa mayeso otere: wailesi ikakhala chete, manambala a Facebook ndi Google nawo amatsika, chifukwa anthu olemba dzina la sitolo achepa. Umenewo ndi umboni wakuti njira zinazo zimakolola m'munda wa wailesi.

Sizikutanthauza kuti nthawi zonse wailesi ndi yabwino kapena kuti Google ndi yachabe. Pa bizinesi ina zotsatira zikhoza kutembenuka. eBay inali dzina lodziwika ndi pafupifupi aliyense ku America, ndipo dzina lake laulere linkabwera pamwamba pa tsamba. Sitolo yatsopano yosadziwika ikazimitsa mauthenga ake ikhoza kungosowa, kapena wopikisana naye akhoza kugula malo aja n'kumalanda anthu amene alemba dzina lake. Ndipo kumbukirani kuti ngakhale pa eBay pomwepo, mauthenga ankagwira ntchito pa anthu achilendo. Phunziro la eBay ndi kayesedwe kake, zotsatira aliyense apeze zake.

Mayesowa ali ndi malire amene bizinesi yaing'ono iyenera kuwadziwa isanadzinamize. Chiwerengero cha makasitomala chimakwera ndi kutsika chokha popanda chifukwa. Pa bizinesi yopeza pafupifupi 300 pamwezi, kusintha kwa anthu 17 kapena kuposerapo pang'ono, kukwera kapena kutsika, ndi kwa masiku onse. Ndiye kutsika kwa 15 kuja sikungatengedwe ngati nambala yeniyeni. Mwina mphamvu ya Google ndi 5, mwina ndi 40. Chimene mayesowa atsimikiza n'chakuti si 120, ndipo zimenezo n'zokwanira kuletsa mayi uja kusamutsira K500,000 ya wailesi kumeneko. Kutsika kwa 80 ndiye n'kwakukulu moti sikungakhale kwangozi. Sitolo imodzi ikayesedwa payokha manambala amachepa kwambiri, choncho pamafunika nthawi yotalikirapo, kapena kubwereza mayeso kawiri.

Zolakwika zina ndi za m'manja. Wina amazimitsa njira ziwiri nthawi imodzi, kenako sadziwa kuti yachititsa ndi iti. Wina amayesa mu Disembala, pamene anthu amagula ngakhale osaitanidwa. Wina amazimitsa wailesi kwa mlungu umodzi, saona kusintha, n'kunena kuti ndi yopanda ntchito, pamene mawu a pa wailesi amakhalabe m'mitu ya anthu kwa nthawi. Nthawi yoyesa iyenera kupitirira nthawi imene wogula wamba amatenga kuchokera pomva za katundu kufika potulutsa ndalama. Pa sopo ndi masiku ochepa, pa nyale ya dzuwa kapena inshulansi ikhoza kukhala miyezi. Wailesi yomveka dziko lonse singazimitsidwe m'boma limodzi, choncho pamenepo pamafunika wailesi za m'madera, kapena kuzimitsa ndi kuyatsa mosinthanasinthana kangapo.

Makampani a Facebook ndi Google ali nazo njira zawo zoyesera zoterezi, zobisa uthenga kwa gulu lina la anthu losankhidwa mwachisawawa. N'zabwino kuposa lipoti wamba. Kafukufuku wa mayeso 15 otere pa Facebook, amene Brett Gordon ndi anzake anasindikiza mu 2019, anapeza kuti njira zongoyerekezera popanda mayeso nthawi zambiri zinkaphonya, kawirikawiri mokokomeza mphamvu ya mauthenga. Komabe mwini bizinesi asaiwale kuti woyesayo ndi yemwenso akugulitsa, ndipo buku la malonda lili m'manja mwake.

Ndiye uti?

Pa funso lakuti bizinesi ikupindula kapena ayi ndi ndalama zonse zotsatsira, wokhulupirika ndi mtengo wophatikiza, bola mulowe ndalama zonse ndipo muwerengedwe atsopano okhaokha. Uyenera kukhala woweruza wa manambala ena onse. Malipoti a njira zosiyanasiyana akawonkhetsedwa n'kupitirira makasitomala a m'buku, monga 405 pa 300, olakwa ndi malipotiwo. Ndipo ngati mwezi ndi mwezi njira iliyonse ikuti ikutchipa pamene mtengo wophatikiza ukukwera, pali njira imene ikudya ulemu wa anthu obwera okha.

Lipoti la njira imodzi lili ndi ntchito yake, koma ndi yaing'ono kuposa imene anthu amalipatsa. Limathandiza kuyerekezera zinthu ziwiri mkati mwa njira yomweyo: chithunzi ichi ndi icho pa Facebook, mawu awa ndi awo pa Google, chifukwa pamenepo kukondera kwake kumagwera mbali zonse mofanana kwambiri. Kutenga K2,500 ya Google n'kuiika pambali pa K20,000 ya wailesi ndi kuyerekezera manambala owerengedwa ndi malamulo osiyana, ndipo ndi pamenepo pamene mabizinesi amadula njira imene imawadyetsa.

Pa funso la kumene kwacha yotsatira ipite, mitengo iwiriyi yonse siikwanira. Nambala yofunika ndi yachitatu ija: ndalama za njira kugawa ndi makasitomala amene sakanabwera popanda njirayo. Imeneyi siilembedwa pa lipoti lililonse, imapezeka poyesa. Poyambira pabwino ndi njira imene ikuoneka yotchipa kwambiri ndipo yaima pafupi ndi khomo, monga mauthenga a dzina la bizinesi yanu kapena otsata anthu amene anaona kale katundu wanu. Izimitseni m'dera limodzi kwa mwezi wathunthu, musasinthe china chilichonse, ndipo muwerenge mayina atsopano m'buku lanu la malonda.